Ndimavundikira poto koma makala akuthabe msanga: ndikulakwitsa pati?

"Ndimakhala ku Luchenza m'nyumba ya lendi ndipo m'banja mwathu tilipo anthu asanu ndi mmodzi. Timaphikira pa mbaula ya makala, koma thumba limene kale linkatha mwezi masiku ano silikufika ngakhale masabata atatu. Anzanga anandiuza kuti ndizivundikira poto, ndipo ndayesa, koma nyemba zimangosefukira n'kuzimitsa moto, makala akutha chimodzimodzi. Apongozi anga akuti zovundikirazo n'zachabe, nyemba zimafuna moto waukali. Kodi zoona zake n'ziti?"

Mayi, musataye chivundikirocho, ndiponso musadzione ngati wolephera kuphika, chifukwa zimene zakuchitikiranizi ndaziona m'makomo ambiri pa zaka zimene ndagwira ntchito ndi magulu a amayi oumba ndi kugwiritsa ntchito mbaula m'madera a Thyolo ndi Mulanje. Anzanu anakuuzani zoona, koma anakuuzani theka lokha. Chivundikiro pachokha sichipulumutsa khala ngakhale limodzi. Makala amanyeka molingana ndi kuchuluka kwake ndiponso mpweya umene ukulowa m'mbaula, ndipo sadziwa ngati poto ali pamwamba pawo ndi wovundikira kapena ayi. Ntchito ya chivundikiro ndi kukupatsani mpata wochepetsa moto popanda ndiwo kuleka kuwira. Ngati mwavundikira koma moto mwausiya monga unalili, kutentha kumene kukanathawa ndi nthunzi kumadzaza m'poto, thovu limakwera, madzi amasefukira, ndipo makala amatha monga mwa masiku onse. Kusefukirako n'chizindikiro chakuti chivundikiro chagwira ntchito yake, ndipo chatsala n'chakuti inu mugwire yanu.

Kuti zimenezi zimveke bwino, tiyambe ndi madzi enieniwo. Madzi akayamba kuwira satenthanso kuposa pamenepo, ngakhale mutasonkhezera moto chotani. M'mphepete mwa nyanja yamchere amawira pa madigiri 100, ndipo kuno kwathu, poti ndi kokwererako, amawira pa madigiri pafupifupi 97 kapena 98. Madzi amene akubwata mwaukali mpaka kuponya nyemba m'mwamba ndi madzi amene akungotulutsa tithovu tochepa pang'onopang'ono ali pa kutentha kofanana, ndipo nyemba zimafewa chifukwa cha kutenthako pamodzi ndi nthawi, osati chifukwa cha kuvina kwa madzi. Moto wonse umene mwawonjezera madzi atawira kale umangopita kukasandutsa madzi kukhala nthunzi. Apa ndiye pamene pali nkhani yaikulu, chifukwa kuphwetsa madzi kumadya moto wambiri kuposa kuwatenthetsa. Moto umene umafunika kuti lita imodzi ya madzi owira iphwe yonse ndi wokwanira kutenthetsa malita pafupifupi 7 a madzi ozizira mpaka awire. Choncho kapu iliyonse imene mumathira m'nyemba chifukwa madzi aphwa, dziwani kuti mwatentha makala amene akanawiritsa makapu 7 a madzi a tiyi.

N'chifukwa chake ndikalowa m'khitchini mwa munthu sindiyamba ndi kufunsa kuti thumba limatha masiku angati. Ndimafunsa kuti pophika nyemba amathira madzi kangati. Yankho lake ndi limene limandiuza kumene makala akupita.

Ndikupatseni chitsanzo cha mayi wina wa ku Chitakale amene ndinakhala naye m'khonde mwake m'mawa wonse tikuphika, chifukwa vuto lake linali ngati lanuli. Iye ankaphika nyemba zokwana theka la kilogalamu, zosanyika, m'sefuliya yaikulu ya malita 10 imene chivundikiro chake chinatayika kalekale pa maliro ena. Mbaula ankaidzaza mpaka makala kutumphuka pamwamba, chitseko cha mbaula chili chotsegula, ndipo mwana ankakupiza ndi chibenthu cha katoni. Pambali panali jagi ya lita imodzi, ndipo pa maola atatu amene nyembazo zinatenga kuti zipse, anathira jagiyo katatu. Makala anawonjezera kawiri. Tsopano tiwerengere. Pa mbaula wamba, mwa moto wonse umene makala amatulutsa, umene umalowadi m'poto ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo wina wonse umathera m'mbali ndi m'mwamba. Pa mlingo umenewo, kilogalamu imodzi ya makala imatha kuphwetsa malita pafupifupi atatu a madzi. Ndiye kuti malita atatu amene mayiyu anathira aja anamudyera makala okwana kilogalamu yathunthu, ndipo makala amenewo sanaphike chilichonse, anangopanga nthunzi imene inakanyowetsa malata a khonde. Komanso nthawi iliyonse imene ankathira madzi ozizira, kuwira kunkaima kwa mphindi zingapo, ndipo iye ankakupiza moto kuti abwezeretse zimene anaziziritsa yekha.

Patapita masiku awiri tinaphikanso nyemba za m'thumba lomwelo, mlingo womwewo. Anazinyika m'madzi ambiri usiku asanagone, ndipo m'mawa tinataya madziwo n'kuzitsuka. Tinasiya sefuliya yaikulu ija n'kutenga poto wa malita 4 wokhala ndi chivundikiro chake, amene pansi pake pankaphimba bwino pakamwa pa mbaula. Madzi tinathira ongopitirira nyemba ndi zala ziwiri zopingasa. Makala tinaika osafika pamwamba pa dothi la mbaula, kuti poto akhale pa zitsulo zake osati pa makala. Tinatsegula chitseko, tinavundikira poto, ndipo titamva kuti chivundikiro chayamba kugogoda tinachitsegula, n'kuwawula thovu loyera lija ndi chipande, ndi kusiya nyemba zibwate mwamphamvu kwa mphindi 10 chivundikiro chili chopendeka. Zitatero tinachotsa makala okwana pafupifupi theka ndi mbaniro, tinatseka chitseko cha mbaula n'kusiya kampata kolowa chala chimodzi, tinawaza phulusa pang'ono pa makala otsalawo, kenako tinavundikira poto kotheratu. Nyemba zinapsa pasanathe maola awiri, madzi tinawonjezera kapu imodzi yokha, ndipo makala amene tinachotsa aja ndi amene anaphikira nsima masana. Mayiyo anaseka n'kunena kuti zaka zonsezi wakhala akuphikira mitambo.

Mphindi 10 za moto waukali zija musazidumphe, ndipo pamenepa apongozi anu akunena zoona. Nyemba zouma, makamaka zofiira zikuluzikulu, zili ndi chinthu china chachibadwa chimene chimayambitsa kusanza ndi kutsegula m'mimba ngati sizinawire mokwanira, ndipo chimafa pokhapokha nyembazo zitabwata kwenikweni. Nyemba zimene zangofunda kwa maola ambiri osafika powira n'zoopsa. Chimene ndikusiyana nawo apongozi n'chakuti moto waukali umafunika koyambirira kokha, osati mpaka kumapeto. Mukawafotokozera, auzeni choncho, kuti mwatenga malangizo awo pa chiyambi ndipo mwangosintha pakati. Ndiponso mukayang'ana mmene agogo athu ankaphikira pa mafuwa, mupeza kuti mphika wa nyemba ankauvundikira ndi phale, n'kusiya chikuni chimodzi chikunyeka pang'onopang'ono iwo ali kumunda. 

Funso limene amayi amandifunsa kawirikawiri n'lakuti adziwa bwanji kuti moto wachepa mokwanira koma sunachepe mopitirira, popeza poto ndi wovundikira. Makutu ndi maso zimakwanira. Ngati chivundikiro chikudumpha ndipo nthunzi ikutuluka mofuula m'mbali monse, moto wachuluka. Ngati mukumva kaphokoso kapansipansi kosalekeza ndipo pakutuluka kanthunzi kochepa pamalo amodzi, pamenepo mpabwino, musakhudzenso kanthu. Ngati m'poto mwangoti zii ndipo mukatsegula simukuona thovu ngakhale limodzi likukwera kuchokera pansi, tsegulani chitseko cha mbaula pang'ono kapena gwedezani phulusa kuti ligwe. Koma musamatsegule poto pafupipafupi, chifukwa nthawi iliyonse imene mwakweza chivundikiro nthunzi yonse imene inasonkhana imathawa ndipo moto uyenera kuyambiranso kuidzaza. Kuyang'ana kamodzi pa theka la ola n'kokwanira kwa nyemba. Mukamatsegula, pendeketsani chivundikiro kuti madontho amene ali kunsi kwake abwerere m'poto, ndipo nthunzi ipite kutali ndi nkhope yanu. Madzi owonjezera akhale otentha, ndipo njira yosavuta ndi kuika kabakuli ka madzi pamwamba pa chivundikiro ngati n'chafulati, kuti kazifunda ndi kutentha kumene kukanangotayika.

Za kusefukira zimene mwadandaula, zifukwa zake zimakhala zitatu ndipo kawirikawiri zimayendera limodzi. Choyamba ndi moto umene tafotokoza kale. Chachiwiri ndi thovu la nyemba, limene limachuluka pa kuwira koyamba, ndipo mukaliwawula n'kuthira kasupuni ka mafuta ophikira silikweranso kwambiri. Chachitatu ndi poto wodzaza mopitirira. Poto wa nyemba asadzaze kupitirira magawo awiri mwa atatu, madzi ndi nyemba pamodzi, ndipo kumbukirani kuti nyemba zosanyika zimatupa kuwirikiza kawiri zikakhala pamoto.

Pamenepa tafika pa kukula kwa poto, ndipo pali zinthu ziwiri zimene ziyenera kugwirizana: poto agwirizane ndi moto, komanso agwirizane ndi chakudya. Kutentha kumalowa m'poto makamaka kudzera pansi, ndiye ngati kapoto kakang'ono kakhala pakati pa mbaula yotakata, makala onse amene mukuwaona akuyaka m'mbali mwa kapotoko akungotenthetsa mpweya ndi miyendo yanu. Mukayang'ana kuchokera pamwamba simuyenera kuona makala ofiira. Poto woyenera ndi amene pansi pake pakuphimba makala onse n'kupitirirako pang'ono, koma osatseka mbaula kotheratu, chifukwa pakati pa poto ndi mlomo wa mbaula payenera kukhala mpata wonga kunenepa kwa chala kuti mpweya wotentha utuluke ukukhudza poto. Mpatawo ukatsekeka moto umatsamwa, makala amada, ndipo wophika amayamba kukupiza. Ngati mukufuna kuphika kanthu kochepa monga tiyi wa anthu awiri, musadzaze mbaula, koma sonkhanitsani makala ochepa pakati kapena chepetsani malo ake ndi zidutswa za njerwa. Kumbali inayo, sefuliya yaikulu imene ili ndi ndiwo zochepa pansi imakhala ndi madzi osaya koma otambalala, ndipo madzi otambalala amaphwa msanga. Chitsulo chonse chopanda kanthucho chimatenthanso n'kumataya kutentha ku mphepo. Kwa banja la anthu asanu ndi mmodzi, poto wa malita 4 kapena 5 amakwanira nyemba za tsiku limodzi, ndipo sefuliya yaikulu ija muisungire masiku a alendo.

Ambiri amati alibe chivundikiro chokwana, ndipo ndikudziwa kuti zivundikiro n'zimene zimayamba kusochera m'nyumba. Mbale yachitsulo yoyera imene ikukhala bwino pamlomo pa poto imagwira ntchito, ndipo mukaika kamwala koyera pamwamba imatseka bwino koposa. Chivundikiro chopindika chimawongoleka pochiika pa thabwa n'kuchimenya pang'onopang'ono ndi chikuni, ndipo amisiri okhoma zidebe pamsika amatha kukudulirani chatsopano mukawatengera potoyo. Zimene ndimakana ndi mbale za pulasitiki, chidutswa cha lata la denga, ndi chivundikiro cha chitini chimene munali penti kapena mankhwala a kumunda, chifukwa nthunzi imakhala madontho kunsi kwa chivundikiro ndipo madonthowo amagwera m'chakudya atatenga chilichonse chimene akhudza.

Makala amene mwachotsa pochepetsa moto ndiwo phindu lanu lenileni, choncho musawasiye pansi kuti anyeke okha. Aikeni m'chitini chachitsulo chotseka bwino kapena m'mphika wakale wovundikira, ndipo posakhalitsa amazima chifukwa chosowa mpweya, n'kukhala ouma ndi osavuta kuyatsa. Kuwakwirira mumchenga wouma kumathandizanso. Chitinicho chimatentha kwambiri, ndiye chiikeni pa dothi kapena pa simenti pamene ana sangafike. Chizolowezi chothira madzi m'mbaula mukamaliza kuphika ndimachiletsa, chifukwa dothi lotentha likakumana ndi madzi ozizira limang'aluka, ndipo mbaula yong'aluka imalowetsa mpweya paliponse moti ngakhale mutatseka chitseko moto sutsika. Ngati mbaula yanu ndi yachitsulo chokhachokha yopanda dothi m'kati ndiponso yopanda chitseko, mudzavutika kuchepetsa moto, ndipo njira yokha ndi kuchotsa makala ndi kutseka pakhomo pake ndi njerwa. Mukapeza ndalama, gulani ya dothi m'kati yokhala ndi chitseko chotseka bwino, ndipo pogula yesani chitsekocho ndi dzanja lanu.

Masiku amene mwaphikira nkhuni, mfundo ndi yomweyo koma kachitidwe ndi kosavuta kuposa pa makala. Yambani ndi nkhuni zitatu zowaza bwino, ndipo poto akawira fumulani ziwiri n'kuzizimitsa m'phulusa, kusiya imodzi imene muziikankhira m'kati pang'onopang'ono kuti izinyeka kunsonga kokha. Malawi amene akukwera m'mbali mpaka kufika pamlomo pa poto ndi nkhuni zotayika. Pa mafuwa atatu, moto umene umalowa m'poto nthawi zambiri sufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo asanu, ndipo mbaula ya dothi ya Chitetezo imathandiza chifukwa imatchinga mphepo n'kulozetsa malawi pansi pa poto. Nkhuni za bulugamu zimene zimapezeka kwambiri kuno kufupi ndi minda ya tiyi zimayaka bwino zikauma, koma zikakhala zaziwisi gawo lina la moto wake limathera kuphwetsa madzi amene ali m'nkhunimo, monga momwe zimachitikira m'poto wosavundikira. Mukamva nkhuni ikulira n'kumatulutsa thovu kumapeto, iikeni pambali pa moto kuti iumire mawa. Mitengo ya nandolo ndi zitsononkho zimayaka mofulumira ndi moto waukali, choncho n'zabwino powiritsa koyambirira, ndipo chikuni cholimba chitenge ntchito ya moto wapansi.

Mphepo nayo ndi wakuba amene anthu samuwerengera. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, chiperoni chikamawomba ndi kamvula kake, poto amene ali pabwalo amatenga nthawi yaitali kuti awire chifukwa mphepo imakankhira kutentha kumbali ndiponso imafulumizitsa makala kunyeka. Tchingani mbali imene mphepo ikuchokera ndi njerwa kapena chidutswa cha lata. Koma pano ndikuchenjezeni mwamphamvu: musalowetse mbaula m'chipinda chotseka zitseko ndi mawindo pofuna kuthawa mphepo kapena kuotha. Makala, makamaka pamene akunyeka ndi mpweya wochepa monga mmene ndakulangizirani, amatulutsa mpweya wakupha wotchedwa kaboni monokisaidi umene ulibe fungo kapena mtundu. Phikirani pakhonde kapena m'khitchini mmene mphepo ikudutsa. Wina m'nyumba akayamba kumva mutu, chizungulire, nseru kapena kufooka mbaula ili pafupi, tulutsani aliyense panja nthawi yomweyo, ndipo amene wakomoka, wasokonezeka mutu kapena sakupeza bwino mum'tengere kuchipatala osadikira kuti kuche. Ana aang'ono ndi amayi oyembekezera ndiwo amagwidwa msanga.

Si chakudya chilichonse chimene chimafuna kuvundikira kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo ndingakhale ndikukunamizani nditanena kuti lamulo ndi limodzi. Pophika nsima, vundikirani madzi mpaka atenthe, chifukwa pamenepo chivundikiro chimafupikitsa nthawi, ndipo phala likathithima lisiyeni lovundikira mopendeka pa moto wocheperako kuti lisatumphukire kunja. Pothira ufa ndi kuvundula pamafunika moto wapakati ndipo chivundikiro chilibe ntchito, koma nthawi imeneyi ndi yaifupi, ndiye musadandaule nayo. Chigwada n'chosiyana. Masamba a chinangwa ali ndi poizoni amene amachoka mukawasinja bwino ndi kuwawiritsa mokwanira, ndipo gawo lina la poizoniyo limatuluka ndi nthunzi, choncho ayambe abwata osavundikira ndipo musafupikitse nthawi yake pofuna kusunga makala. Chinangwa chowawa sichikonzeka ndi moto wokha, chimafunika kusenda, kunyika masiku angapo ndi kuyanika. Kalongonda nayenso, amene ife a kuno timamudziwa bwino, amafuna kuwira kwa maola ambiri ndi kutaya madzi kangapo, ndipo amene anadyapo wosapsa amadziwa chizungulire chake. Pa kalongonda mungavundikire ndi kuchepetsa moto pakati pa kusintha madzi, koma musachepetse nthawi kapena kuchuluka kwa kusinthako. Ngati makala ndi ochepa tsiku limenelo, phikani china.

Nthawi zina munthu amachita zonsezi koma nyemba zimakanabe kufewa, ndipo vuto silikhala la moto. Nyemba zimene zakhala miyezi yambiri pamalo otentha ndi achinyezi zimalimba m'kati mwake moti ngakhale kunyika sikuthandiza kwenikweni, ndipo kuno kumene mvula imagwa yambiri zimenezi zimachitika kawirikawiri. Mudzazizindikira chifukwa m'mawa mukazinyika usiku wonse zina zimakhala zosatupa ndi zolimba ngati timiyala. Nyemba zotere zimadya makala ambiri, moti zotchipa pamsika zimatha kukhala zodula kukhitchini. Tomato nayenso amachedwetsa kufewa chifukwa cha kuwawasa kwake, ndiye mum'thire nyemba zitapsa kale. Ena amathira soda kapena chidulo, ndipo n'zoona kuti zimafewetsa msanga, koma zimawononga ena mwa mavitamini amene ali m'nyemba, choncho ine ndimasankha kunyika.

Mukazolowera moto wapansi, pali sitepe ina imene imachotseratu makala pa gawo lalikulu la kuphika. Tengani dengu lakuya, yalani m'kati masamba ouma a nthochi, udzu wouma kapena nsalu zakale mochindikala ngati chikhatho chopingasa pansi ndi m'mbali monse, ndipo konzani kapilo kophimba pamwamba. Nyemba zonyika zikabwata mwamphamvu mphindi 10 n'kupitiriza kuwira mphindi zina 20, phulani poto osatsegula chivundikiro, mukulungeni m'chitenje, muikeni m'dengumo ndi kuphimba. Pakatha maola atatu kapena anayi nyemba zimakhala zafewa ndi kutentha kwake komwe, ndipo mumangozibwezera pamoto kuti ziwirenso pothira tomato ndi anyezi. Njira imeneyi imafuna poto wodzaza bwino ndi chivundikiro chothina, chifukwa chakudya chochepa chimazizira msanga. Musasiye poto m'dengu tsiku lonse kapena usiku wonse, popeza chakudya chikatsika pansi pa madigiri 60 tizilombo timayamba kuswana, ndipo mukapeza kuti changokhala chofunda chabe, chiwiritseni kwenikweni musanadye. Ngati chayamba kununkha kapena kuchita thovu chokha, tayani.

Ngati m'nyumba mwanumo muli magetsi ndipo nthawi zina mumaphikira pa mbale ya magetsi, masamu ake ndi omwewo: lita imodzi ya madzi ophwa imadya mayunitsi opitirira theka la yunitsi imodzi, kuwonjezera pa zotayika m'mbali. Poto akhale wapansi posalala ndi wofanana ndi mbaleyo, muyambe ndi nambala yapamwamba, mutsitse pa 1 kapena 2 akawira, ndipo muzimitse patatsala mphindi zingapo chifukwa mbaleyo imasunga kutentha.

Sindikulonjezani kuti thumba lidzatha masiku akutiakuti, chifukwa matumba a masiku ano sali ofanana kukula, ndipo makala ena ndi a mitengo yofewa amene amapepuka m'manja n'kusanduka phulusa msanga. N'kutheka kuti gawo lina la vuto lanu lili m'thumba lenilenilo. Kuti mudziwe, pezani chitini chimodzi chimene chikhale muyezo wanu, ndipo makala onse olowa m'mbaula adutse m'chitinicho. Sabata yoyamba phikani monga mwa masiku onse n'kumalemba pa kalendala zitini za tsiku lililonse pamodzi ndi makapu a madzi amene mwawonjezera m'ndiwo. Sabata yachiwiri, kuchokera m'thumba lomwelo, nyikani nyemba, sinthani poto, vundikirani, chotsani theka la makala poto akawira, ndipo lembaninso. Makapu a madzi akatsika koma zitini osatsika, ndiye kuti mukuvundikira koma simukuchotsa makala okwanira, kapena amene mwachotsa akunyekera pansi. Mukatseka chitseko koma poto n'kumabwatabe mwaukali patapita mphindi 10, tembenuzani mbaula ikazizira ndi kuyang'ana ming'alu m'dothi, mabowo a pansi amene akula chifukwa chogumuka, ndi chitseko chimene chapindika. Mbaula yotere ipititseni kwa mmisiri kuti asinthe dothi la m'kati, zimene zimatsika mtengo kuposa kugula yatsopano, ndipo ngati mukufuna kuona mbaula ya Chitetezo kapena dengu lija zikugwira ntchito musanawononge ndalama, funsani alangizi a zaulimi kapena a zachitukuko cha m'madera a kwanuko kuti akulozereni gulu limene lili pafupi.